Ndondomeko ya masiku asanu a tchuthi: ana 40 pabwalo la sukulu ku Salima

Funso: Ndine mphunzitsi wa Sande sukulu kuno ku Salima, mbali ya ku Senga Bay. Pa tchuthi cha mu Ogasiti tikufuna kusonkhanitsa ana 40 a zaka 8 mpaka 12, Lolemba mpaka Lachisanu, pabwalo la sukulu ya pulayimale. Ena ndi a mumpingo, ena ndi anzawo a m'mudzi. Akuluakulu tilipo asanu ndi mmodzi. Tigawe bwanji masewera, zaluso ndi mpira kuti ana asatope komanso asamangokhala? Nanga kunyanja tingapite nawo?

Yankho:

Aphunzitsi, ndondomeko ya ana kuno kunyanja imalembedwa potsata dzuwa. Chilichonse chofuna kuthamanga chichitike 9:30 isanakwane, ndipo dzuwa likakwera ana akhale pamthunzi manja ali pantchito. Ambiri amayamba ndi nyimbo, malonje ndi zojambula, mpira n'kuuika cha m'ma 11 koloko poganiza kuti chokoma chibwere pomaliza. Zikatero zojambula zimachitika ana mtima uli kubwalo, ndipo mpira umaseweredwa mchenga utatentha, ana ali ndi njala. Ogasiti ndi mwezi wabwinoko kusiyana ndi Okutobala, komabe ku Salima dzuwa la masana silichita chisoni, ndipo mwera umaumitsa kukhosi mwana asanazindikire kuti ali ndi ludzu.

Dongosolo la tsiku likhale limodzimodzi masiku onse, kupatula kusintha pang'ono Lolemba ndi Lachisanu, zizisintha ndi zochitika zokha. Ana afike 7:30, muwaitane mayina mpaka 7:45, kenako sewero limodzi la onse pamodzi kwa mphindi 15 lotenthetsa thupi. Kuyambira 8:00 mpaka 9:15 ndi mpira, wogawidwa pawiri, mphindi 30 mbali iliyonse, pakati pake mphindi 15 zakumwa madzi ndi kusinthana mabwalo. Akasamba m'manja amwe phala, ndipo 9:45 alowe m'kalasi kapena pansi pa mtengo kuchita zaluso mpaka 11:00. Ikatha nthawi imeneyi pabwere masewera a pamthunzi monga bawo, phada ndi ndagi mpaka 11:45, ndiye nkhomaliro. Akatha kudya amvetsere nthano imodzi atakhala pansi, muitanenso mayina, 1 koloko aziweruka. Musakopeke n'kuwasunga mpaka madzulo. Ana a msinkhu uwu ali ndi ntchito zapakhomo, ndipo inu asanu ndi mmodzi mufunika ola lathunthu lokonzekera za mawa. Ubwino wosunga nthawi zofanana ndi wakuti pofika Lachiwiri mwana amadziwa yekha chotsatira, ndiye simutaya mawu kukuwa.

Tsopano za magulu, chifukwa apa ndi pamene pulogalamu imaimira kapena kugwera. Mwana wa zaka 8 ndi wa zaka 12 ndi anthu awiri osiyana kwambiri pabwalo. Mukawasakaniza pa mpira, wamng'onoyo sakhudza mpira, ndipo akaukhudza amagwetsedwa. Mukawalekanitsa tsiku lonse, aang'ono amasowa wowathandiza pa zaluso, pomwe akuluakulu amayamba matama. Njira yake ndi iyi. Pangani magulu anayi a ana khumikhumi, gulu lililonse likhale ndi aang'ono asanu ndi okulirapo asanu, anyamata ndi atsikana mosakaniza. Muwapatse mayina a nsomba, Chambo, Usipa, Kampango ndi Mpasa, ndipo gulu lililonse likhale ndi kansalu ka mtundu wake komanga pamkono. Pa chakudya, pa zaluso ndi poitana mayina, gulu likhale pamodzi ndi mtsogoleri wake mmodzi amene sasintha sabata yonse. Ikafika nthawi ya mpira, aang'ono asanu a Chambo akumane ndi aang'ono asanu a Usipa pa mpira wamiyendo, okulirapo akumane ndi okulirapo anzawo, ndipo Kampango ndi Mpasa achitenso chimodzimodzi pa mpira wamanja. Pakhala masewero anayi nthawi imodzi, lililonse ndi wamkulu wake, ndipo palibe mwana wodikira kunja. Pogawa musangoyang'ana zaka. Wa zaka 10 wochepa thupi apite ndi aang'ono, ndipo magulu muwalembe nokha usiku wa Lamulungu. Mukalola ana awiri kusankhana pabwalo, pamakhala mwana wotsalira yemwe aliyense waona kuti sakufunidwa, ndipo kawirikawiri ameneyo Lachiwiri sabweranso.

Akuluakulu awiri otsala asakhale ndi gulu. Mmodzi akhale wa nthawi, wezulo ndi kaundula, ndiponso woyang'anira bokosi la mankhwala. Winayo ayang'anire madzi ndi kukhitchini. Ophika akhale ena, makolo awiri osinthana tsiku lililonse, pakuti munthu sangavundule nsima akuyang'aniranso ana.

Mabwalo a mpira wamiyendo akhale aang'ono, mapazi akuluakulu 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, malire ojambulidwa ndi phulusa, chigoli chilichonse chotambalala mapazi atatu. Pa zigoli ikani mabotolo apulasitiki odzaza mchenga, osati njerwa kapena miyala, poti ana ambiri asewera opanda nsapato. Pa chifukwa chomwecho, m'mawa uliwonse ana asanafike yendani bwalo lonse mutandandalikana, kutola magalasi, minga ndi nseso. Ngati mukugula mpira, pemphani wa nambala 4. Wa nambala 5 ndi wa akuluakulu, umalemera pa phazi la mwana wa zaka 8, ndipo ukam'menya pankhope kamodzi amayamba kuuthawa. Pa mpira wamanja simufunika milongoti. Mwana mmodzi aime m'kabwalo kojambulidwa pansi atanyamula ndowa, ndipo chigoli ndi pamene mpira wagwera m'ndowamo. Ikani lamulo loti chigoli chiwerengedwe pokhapokha mpira utadutsa m'manja kapena m'mapazi a ana atatu a timuyo. Lamulo limeneli ndi limene limachititsa kuti mnyamata waluso uja ayambe kupatsira atsikana. Ndipo anyamata nawonso asewere mpira wamanja, atsikana nawonso wamiyendo, onse mofanana. Poyamba pakhala kung'ung'udza, koma kumatha lisanathe Lolemba ngati atsogoleri sagwedezeka.

Lolemba ndi tsiku lochedwa, choncho musalidzaze. Kulembetsa kudzadya nthawi mpaka 8:15 kapena kupitirira. Kholo lililonse lilembetse dzina la mwana, nambala ya foni, amene adzam'tenge poweruka, ndi matenda amene ali nawo, makamaka khunyu, mphumu ndi zakudya zimene zimam'wenga. Mudzapezanso ana amene sanalembetse ataima pampanda, ndi ena amene abwera atabereka mng'ono wawo wa zaka ziwiri. Gwirizanani pasadakhale chochita. Ife timalangiza kusunga malo asanu apadera, akadzadza mukane mwaulemu, ndipo za makanda muwauze makolo sabata isanayambe kuti sizitheka, chifukwa mtsikana wobereka mwana sasewera, amangolera pamalo ena. Mpira wa Lolemba ukhale wongopatsirana ndi kuitana mayina. Pa zaluso, gulu lililonse lipange zikulunga ziwiri ndi mbendera yake. Sonkhanitsani majumbo akale, nsanza ndi chingwe, okulirapo aonetse aang'ono kamangidwe kake, ndipo pofika 11 koloko muli ndi mipira isanu ndi itatu imene idzagwire ntchito sabata yonse pa fulaye ndi pa mpira wamanja. Malamulo a msasa akhale anayi okha, onenedwa ndi ana eni ake, olembedwa pa katoni.

Lachiwiri ndi la dongo, ndipo silingasunthidwe kupita kutsogolo, chifukwa choumba chimafuna masiku atatu kuti chiume bwino chisanapakidwe utoto Lachisanu. Funsani amayi oumba mbiya a m'deralo kumene amakumba dongo lawo, ndipo ngati n'kotheka mmodzi wa iwo abwere kudzaphunzitsa. Mwana aliyense afunika chibuma chonga nkhonya ziwiri, pafupifupi theka la kilogalamu, ndiye makilogalamu 20 akwanira ana onse, muwonjezerepo pang'ono. Likumbidwe Loweruka, muchotse timiyala ndi mizu, mulinyowetse, mulikande, ndipo muliphimbe ndi thumba lonyowa. Kuti mudziwe ngati lili bwino, pangani kansoseji kochindikala ngati chala n'kukapinda mozungulira chala chanu. Kakathyoka, dongolo lili ndi mchenga wambiri kapena lauma. Likamamatirira m'manja osachoka, madzi achuluka, liyanikeni pang'ono pa simenti.

Zinthu zitatu ndi zimene zimaononga zoumba za ana. Choyamba ndi kuyanika padzuwa kapena pamphepo. Kunja kumauma n'kukhwinyata m'kati mudakali monyowa, ndiye chimang'aluka. Ikani zonse m'kalasi, pakona yopanda mphepo, pamwamba pa makatoni, ndipo tsiku loyamba muziphimbe ndi nsalu yonyowa pang'ono. M'nyengo ya mwera mutseke mawindo a mbali imene mphepo ikuchokera. Chachiwiri ndi miyendo ndi nyanga zongomatidwa. Mwana amaumba thupi la ng'ombe, n'kuumba miyendo padera, n'kungokanikiza, ndipo mawa mupeza miyendo inayi ili pansi. Muwaphunzitse kukanda malo awiri olumikizawo ndi kamtengo, kupakapo dongo lamadzimadzi, kenako kusalaza ndi chala, kapena kukoka miyendo kuchokera m'thupi momwemo. Chachitatu ndi kuchindikala. Chilichonse chonenepa kuposa zala ziwiri sichiuma pofika Lachisanu, ndiye chikumbidwe kunsi kuti chikhale ndi mphako. Dzina la mwana lilembedwe kunsi ndi kamtengo dongo lidakali lofewa, apo ayi Lachisanu kudzakhala milandu ya mvuu ya yani. Atsogoleri aumbenso zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zapadera, kuti mwana amene chake chasweka asadzakhale manja lende. Kuotcha musayese. Masiku ndi ochepa, ndipo choumba chosauma bwino chimaphulika pamoto.

Lachitatu ana amakhala atatopa, chidwi cha zatsopano chatha, ndipo azolowerana mokwanira kuti ayambe kuyambana. Mudzaona kukankhana pamzere wa phala ndi misozi pa zinthu zazing'ono. Musalimbane nazo ndi chilango, ingopepukitsani tsikulo. M'malo mwa mpira wopikisana, chitani jingo ndi fulaye kwa mphindi 30, kenako gulu lililonse liyende ndi mtsogoleri wake mozungulira sukulu kutola makala, katondo, masamba a mitundu isanu, nthenga ndi timitengo. Zimenezi ndizo zipangizo za zaluso za tsikulo. Makala asinjidwe n'kusefedwa kuti apereke utoto wakuda, katondo apereke wofiira, zidutswa za choko zipereke woyera. Laimu musam'patse mwana, amaotcha khungu ndi maso. Kuti utoto ugwire pa katoni, sakanizani ndi zomatira za ufa wa chinangwa: kapu imodzi ya ufa m'makapu anayi a madzi ozizira, muike pamoto mukutakasa mpaka zitalimba ngati phala lopepuka, zizizire. Ziphikeni m'mawa womwewo, pakuti zikagona zimasasa. Burashi ndi kamtengo kofewa kophwanyidwa kunsonga ndi mwala. Makatoni a m'magolosale ndi abwino kuposa mapepala, chifukwa mwera ukadutsa mapepala mukawatola kuminda. Mutu wojambula ukhale wooneka ndi maso, monga bwato la ku Senga Bay likubwera kokoka usipa kapena msika wa kwa Kamuzu Road. Mukangoti jambulani chilichonse, theka la ana lidzakopera nyumba ya mnzawo woyamba kumaliza.

Za kunyanja, yankho lathu ndi lakuti ana asalowe m'madzi. Akuluakulu asanu ndi mmodzi sangayang'anire mitu 40 m'madzi, ndipo mwana womira sakuwa kapena kukupiza manja monga anthu amaganizira, amangoti zii. Ogasiti ndi nthawi ya mwera, mafunde amakula mosayembekezereka. M'malo a bango ndi madzi odekha mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo pafupi ndi mathiriro a mitsinje mumapezeka ng'ona ndi mvuu. Mawu oti ana a kunyanja onse amadziwa kusambira ndi amene amachititsa akuluakulu kutayirira. Ngati gombe lili pafupi ndipo makolo avomera, mutha kupita Lachitatu m'mawa kukasewera pamchenga pokha. Jambulani mzere mapazi 20 kuchokera pamadzi, akuluakulu awiri aime pamzerewo atayang'ana ana, muwerenge ana ponyamuka, pofika, pochoka ndi pobwerera, ndipo 9:30 ikupezeni muli pasukulu. Ngati mmodzi mwa inu sanabwere tsikulo, ulendo ulephereke.

Lachinayi mphamvu zimabwerera, ndiye yambani mpikisano. Magulu anayi akumane onse, zomwe zikutanthauza maulendo atatu: Chambo ndi Usipa pamene Kampango akusewera ndi Mpasa, kenako Chambo ndi Kampango pamene Usipa ali ndi Mpasa, pomaliza Chambo ndi Mpasa pamene Usipa ali ndi Kampango. Ulendo uliwonse utenge mphindi 15, kupuma mphindi zisanu, ndipo zonse zikwana mu ola limodzi. Lachinayi ukhale mpira wamanja, Lachisanu wamiyendo. Mapointi a aang'ono ndi a okulirapo aphatikizidwe kukhala a gulu limodzi, ndipo mudzaona wa zaka 12 akuchemerera wa zaka 8 ndi mtima wonse. Mpikisano wogonja n'kutuluka musauchite, chifukwa theka la ana lidzakhala pansi pakangotha mphindi 15. Pa zaluso, gulu lililonse likonze chimene lidzaonetse makolo, kaya sewero la mphindi zisanu lochokera m'nthano zimene amva, kaya gule. Amene safuna kuima pamaso pa anthu aluke zipewa ndi timadengu ta mlaza tovala m'sewerolo. Mlaza unyikidwe m'madzi usiku kuti usathyoke, ndipo oung'amba ndi mpeni akhale akuluakulu, ana asanafike.

Madzi ndi chakudya zisakhale zongoganizira pomaliza. Werengerani lita imodzi ndi theka pa mwana, ndiye malita 60, ndowa zitatu za malita 20, kuphatikizapo ziwiri zosamba m'manja. Ngakhale madzi ali a pamjigo, thiranimo mankhwala a kulorini motsata muyeso wolembedwa pa botolo, mudikire mphindi 30 asanamwe, ndipo ndowa ikhale yovundikira, yokhala ndi kampopi. Mwana aliyense abwere ndi kapu yake. Musadikire kuti apemphe, imbani wezulo ya madzi 8:30, 9:15, 11:00 ndi pa nkhomaliro, onse amwe. Phala la Likuni muwerengere magalamu 100 pa mwana, omwe ndi makilogalamu 4 patsiku. Nkhomaliro ikhale yosavuta, nsima kapena mpunga ndi nyemba, usipa kapena masamba. Popeza Salima ili ndi Asilamu ambiri ndipo ena mwa ana anu ndi anzawo a m'mudzi, ndiwo zimenezi zimakuchotserani nkhawa ya nyama yozingidwa mosayenera, ndipo makolo auzidwe poyera ngati pulogalamu ili ndi mapemphero kuti asankhe akudziwa.

Mwana amene kutentha kwam'pweteka sanena. Amangokhala chete, amasiya kuthamangira mpira, amadandaula mutu kapena chizungulire, nthawi zina amasanza. Mutengereni pamthunzi, mum'masule zovala, mum'pukute ndi nsalu yonyowa, ndipo amwe Thanzi pang'onopang'ono, paketi imodzi yosungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Tsiku limenelo asabwererenso kubwalo ngakhale anene kuti wachira. Akayamba kulankhula zosokonekera, kukomoka, kapena thupi kutentha kwambiri, thamangani naye kuchipatala mukupitiriza kum'ziziritsa, ndipo thupi likatentha asayiwale kuyezedwa malungo. Dziwani pasadakhale wa njinga yamoto amene mungamuitane, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adziwe kuti muli ndi ana sabata imeneyo. Mwana wachialubino avale chipewa chachikhonde ndi malaya a manja aatali, ndipo timu yake izisewera pabwalo lokhala ndi mthunzi. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ngakhale pomanga bala, ndipo kuchimbudzi ana azipita awiriawiri.

Lachisanu ndi lalifupi. Mpira uyambe 7:45 kuti uthe 9 koloko isanakwane, phala limwedwe msanga, ndipo 9:15 ana apake utoto zoumba zawo. Utoto ukhale wokhuthala, burashi ingokhudza, chifukwa dongo losaotcha likanyowa kwambiri limasungunuka. Musanapereke, gwirani choumba chilichonse pa tsaya lanu: chikamazizira, m'kati mudakali madzi, ndiye mwini wake apake mopepuka n'kukachiumitsa kunyumba pamthunzi. Makolo aitanidwe 10 koloko, ayambe kuona zojambula ndi zoumba zitayalidwa pamadesiki, kenako gulu lililonse lionetse sewero lake. Zolankhula za akuluakulu zikhale za munthu mmodzi, mphindi zisanu. Gulu lopambana lilandire kuomberedwa m'manja ndi mbendera, koma mphatso ikhale yofanana kwa onse, monga kope ndi pensulo. Zonse zithe 11:30 kuti ana ndi makolo achisilamu akafike ku mapemphero a Lachisanu pa nthawi yake, ndipo m'malo mwa nkhomaliro yophika gawani zitumbuwa kapena mbatata yootcha ndi thobwa. Ana asatuluke ndi khamu la makolo. Mtsogoleri wa gulu aime pakhomo ndi kaundula, aitane dzina limodzilimodzi, apereke mwana kwa amene analembedwa Lolemba, choumba chake chitakulungidwa m'pepala.